Kalata yoperekeza: kufotokozera mkonzi zimene zasintha pa marefarensi

Wophunzira wa masitazi akatumiza kafukufuku wake ku magazini ya akatswiri, monga Malawi Medical Journal, mkonzi amaipereka kwa ounika, kawirikawiri awiri kapena atatu, kuti aione ngati ili bwino. Nthawi zambiri imabwerera ndi ndemanga, ndipo zina mwa ndemangazo zimakhudza marefarensi, ndandanda ija ya mabuku ndi zolemba zimene wolemba watsamirapo. Akakonza, amatumizanso pepalalo limodzi ndi kalata yaifupi yoperekeza. Ntchito ya kalatayi ndi yakuti mkonzi aone msanga chimene chasintha, malo ake ndi chifukwa chake, asachite kufananiza yekha mzere ndi mzere.

Magazini ambiri a zachipatala amatsata kalembedwe ka Vancouver, kamene akonzi anagwirizana atakumana mumzinda wa dzinali ku Canada mu 1978. M'kalembedwe aka, refarensi iliyonse imalandira nambala potengera pamene yayamba kutchulidwa m'nkhani. Ndiye mukalowetsa imodzi pakati, zonse zam'munsi zimasuntha. Wounika amene anadandaula za nambala 14 akatsegula pepala lokonzedwa, pa 14 apeza buku lina, ndipo angaganize kuti ndemanga yake sinamveke.

Tiyerekeze wophunzira amene walemba za amayi oyembekezera omwe amamwa fansida popewa malungo, ndipo pepala lake linali ndi marefarensi 30. Wounika woyamba wanena kuti nambala 9 ndi malangizo akale a bungwe la zaumoyo padziko lonse, amene ankati mayi amwe mankhwalawa kosachepera kawiri. Mu 2012 bungweli linasintha, n'kuti mayi azilandira pa sikelo iliyonse kuyambira mimba ikapitirira miyezi itatu, motalikitsa mwezi umodzi. Apa kungochotsa buku lakale n'kuikapo latsopano sikukwanira. Chiganizo chonena za kumwa kawiri chiyenera kusinthanso, apo ayi refarensi idzanena zina, nkhani zina. Ichi ndicho mkonzi amafunitsitsa kudziwa: kodi pasintha buku lokha, kapena mfundo nayonso yasintha?

Wounika wachiwiri wapempha umboni wowonjezera pa ndime ina, choncho wophunzirayo waikapo zolemba ziwiri pambuyo pa nambala 11. Pofufuzanso wazindikira kuti nambala 20 anangoitola m'nkhani ya munthu wina, iye osaiwerengapo, ndipo ataifunafuna sanaipeze. Waichotsa pamodzi ndi chiganizo chimene inkachirikiza. Palibe anamufunsa za imeneyi, komabe ayenera kuitchula, chifukwa kusintha kochitika mwakachetechete kukadziwika mkonzi amayamba kukayikira zonse.

Kalatayo imalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake zingamveke motere: "Mkonzi wolemekezeka, tikuthokoza ounika chifukwa cha ndemanga zawo. Marefarensi tsopano alipo 31 m'malo mwa 30. Pa nambala 9 taikapo malangizo a 2012, ndipo chiganizo chake pa tsamba 4 tachikonza kuti chigwirizane nawo. Nambala 12 ndi 13 ndi zatsopano, poyankha wounika wachiwiri. Yakale ya 20 taichotsa tokha popeza gwero lake sitinalipeze. Motero akale 12 mpaka 19 tsopano ndi 14 mpaka 21, ndipo akale 21 mpaka 30 ndi 22 mpaka 31. Zotsatira za kafukufuku sizinasinthe."

Pali ndemanga zina zimene wophunzira ali ndi ufulu wozikana. Zimachitika kuti wounika amatchula zolemba zingapo za munthu mmodzi yemweyo, zosakhudzana kwenikweni ndi mutu, n'kuti zonse zilowe. Wophunzira, poopa kuti pepala lake likanidwa, angangovomera. Choyenera n'kuziwerenga zonse, kutengapo yogwirizana ngati ilipo, n'kulongosola mwaulemu: "Imodzi taiika chifukwa ikunena za amayi oyembekezera, zinazo zikunena za ana osakwana zaka zisanu, choncho tazisiya." Wogamula ndi mkonzi, osati wounika, ndipo chifukwa chomveka amachilandira.

Kalatayo ilembedwe pomaliza, manambala atakhazikika. Amene amagwiritsa ntchito Zotero kapena EndNote adine `Refresh` kapena `Update Citations and Bibliography` kaye, kenako atsate nambala iliyonse ya m'nkhani mpaka pa ndandanda. Atsegulenso DOI ya refarensi iliyonse yatsopano kuti aone ngati mutu, olemba ndi chaka zikugwirizana, komanso ngati magazini imene inaisindikiza sinaibweze chifukwa cha zolakwika. Akawerenga ndandanda n'kupeza 32 pamene kalata ikuti 31, ndiye kuti pali buku lobwerezedwa kapena lotsalira, ndipo pepalalo lisatumizidwe kufikira litapezeka.