Mphindi ziwiri zofunsira ntchito ya kanema

Wofunsira ntchito yojambula kapena yokonza kanema amatumiza kalata ngati wina aliyense, koma wolemba ntchito amathamangira kaye kakanema kamene wayikapo kosonyeza luso lake, kamene a m'ntchitoyi amakatchula kuti shorilu. Nthawi zambiri kamakhala ka mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo ngati chiyambi chake sichikugwira mtima, kamatsekedwa kasanafike pakati. Timakanema tambiri totere timafanana: nyimbo yothamanga, zithunzi zokongola zosinthana pa kugunda kulikonse kwa ng'oma, kenako dzina. Kapangidwe kameneka kangathandize wojambula, koma mkonzi kamamubisa. Ndiye musanatsegule Premiere Pro kapena DaVinci Resolve, yambani mwadziwa chimene ntchitoyo ikufuna kuti muchitsimikize.

Luso la mkonzi silikhala m'chithunzi chimodzi, limakhala pamene zithunzi ziwiri zakumana. Lev Kuleshov wa ku Russia anasonyeza zimenezi zaka zoposa 100 zapitazo. Anatenga nkhope imodzimodziyo ya munthu wochita zisudzo n'kuilumikiza ndi mbale ya msuzi, kenako ndi bokosi la maliro, kenako ndi mayi. Owonera ankaona njala, chisoni ndi chilakolako pa nkhope imene sinasinthe konse. Walter Murch, amene analandira mphoto ya Oscar pokonza filimu ya The English Patient ya 1996, anasanja zinthu zisanu ndi chimodzi zimene mkonzi amayang'ana podula. Mmene wowonera amvere mumtima anazipatsa magawo 51 pa 100, kupititsa nkhani patsogolo 23, ndipo kayendedwe ka liwiro 10 basi. Kakanema kongodula motsatira ng'oma kamasonyeza magawo 10 amenewo, n'kusiya 74 aja osaoneka.

Tiyerekeze mtsikana amene wakonzapo makanema a ukwati ambirimbiri, makanema a nyimbo angapo, ndi kanema mmodzi wofotokoza za amayi oyanika usipa kunyanja. Waona kuti bungwe lina likufuna mkonzi wa makanema afupiafupi ofotokoza miyoyo ya anthu akumidzi. Mtima umamuuza kuti ayambe ndi makanema a nyimbo chifukwa ndi amene ali owala. Koma bungwelo likufuna kudziwa chinthu china: kodi angatenge zimene mayi wina analankhula kwa mphindi 40, akubwereza ndi kupatuka, n'kutulutsamo nkhani yomveka ya mphindi imodzi? Ganizo la shorilu yake liyenera kukwana m'chiganizo chimodzi chimene angachilembe papepala: ndimachititsa kuti anthu wamba amveke bwino pakanema. Kachidutswa kalikonse kosatsimikiza chiganizo chimenechi katsale, ngakhale anakavutikira usiku wonse.

Masekondi anayi oyamba ndi a dzina lake ndi mawu akuti mkonzi wa kanema, popanda chizindikiro chozungulirazungulira. Kenako alowetse amayi a usipa kwa masekondi 50 osadukiza, ndi mawu awo enieni, popanda nyimbo yowaphimba. Apa m'pamene ntchito ipezekere. Mawu a mayiyo ayambe kumveka chithunzi chikusonyezabe thandala la nsomba, nkhope yake ibwere pambuyo. Pamene mkonzi wachotsa chiganizo chobwereza, mutu wa wolankhula umadumpha, choncho malowo awaphimbe ndi manja akutembenuza usipa. Ndipo mayiyo akanena kuti mvula inawononga nsomba zonse za sabata imeneyo, asadule msanga. Asiye masekondi awiri a chete, nkhope ikuyang'ana pansi. Wodziwa ntchito akaona kuti chete ameneyo wasungidwa dala, amadziwa kuti mkonziyu amamvetsera.

Ukwati asauchitire manyazi. Masekondi 35 a nkhoswe ikupereka malangizo, kanema n'kupita pa nkhope ya mkwatibwi panthawi yeniyeni imene mawu amubaya, kenako pa azakhali akubisa kuseka, ndi umboni wokwanira woti amadziwa nthawi yosiya wolankhula n'kusonyeza womvera. Kanema wa nyimbo apatsidwe masekondi 20 okha, kuti aone kuti liwiro nalo amalitha. Pomaliza dzina libwerenso ndi njira yomupezera, kwa masekondi asanu ndi limodzi. Zonse zakwana masekondi 115. Chabwino koposa chili koyambirira, chifukwa kumapeto si onse amene amafikako.

Wojambula ali ndi ufulu wambiri wosanja zithunzi pa nyimbo, popeza luso lake limaoneka m'chithunzi chimodzi. Komabe ambiri amayamba ndi droni ikuuluka pamwamba pa phiri la Mulanje kapena panyanja dzuwa likulowa. Kukongola kumeneko ndi kwa phiri ndi dzuwa. Chimene wolemba ntchito akufuna ndi nkhope yowala bwino pamalo ovuta: munthu wakhungu lakuda padzuwa la masana, maso ake akuoneka pamene thambo silinayere mbee, kapena gogo m'nyumba ya zenera limodzi, mbali imodzi ya nkhope ikuwala, inayo ili mumthunzi wosabisa khungu. Ayikeponso zithunzi zitatu za chochitika chimodzi, chapatali, chapakati ndi chapafupi, motsatizana. Ngati kuwala kukuchokera mbali imodzi m'zonsezo ndipo mtundu wa khungu sunasinthe, ndiye kuti angathe kujambula nkhani yathunthu, osati zithunzi zamwayi zokha.

Pali njira yosavuta yoyesera. Shorilu ya wojambula muiwonere mawu atazimitsidwa, ndipo ngati yafooka, ndiye kuti nyimbo ndiyo inkainyamula. Ya mkonzi muimvetsere mutatsinzina. Mukamva mawu odulidwa pakati, kapena phokoso la mphepo likulowa ndi kutuluka mwadzidzidzi pa mfundo iliyonse, ndiye kuti ntchito ikadalipo. Amene amatha zonse ziwiri, monga achinyamata ambiri kuno kwathu amene amajambula okha n'kukonza okha, apange mashorilu awiri osiyana.

Pansi pa kachidutswa kalikonse lembani dzina la kanemayo ndi zimene inuyo munachita. Ngati mitundu inakonzedwa ndi munthu wina, kapena droni anaulutsa mnzanu, nenani. Anthu a m'ntchitoyi ndi ochepa ndipo amadziwana, mwina amene akuwonera shorilu yanu ndi amene anagwira kamera tsiku limenelo. Pemphaninso chilolezo kwa eni kanema, makamaka ngati sunatulutsidwe kapena muli nkhope za odwala ndi ana. Nyimbo nayo ili ndi mwini wake. YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID amene amazindikira nyimbo za eni, ndipo kanema wanu angatsekedwe tsiku lomwe akufuna kumuwonera. Pemphani kwa woimba amene mumamudziwa, akulembereni chilolezo.

Chinthu china chimene chimawononga mwakachetechete ndi kusakaniza liwiro la zithunzi. Makamera ambiri kuno amajambula zithunzi 25 pa sekondi, pamene mafoni ambiri amajambula 30. Mukaika za foni mu kanema wa 25, pulogalamu imataya chithunzi chimodzi pa zisanu ndi chimodzi zilizonse, ndipo kamera ikamatembenuka mumaona kudodoma. Yang'anitsitsani malo otere, ndipo ngati sakukonzeka, achotseni. Potulutsa, H.264 pa 1080p ndi yokwanira. Ikani pa Vimeo kapena pa YouTube monga Unlisted, n'kutumiza linki m'kalata. Musatumize fayiloyo pa WhatsApp, chifukwa imafinyidwa ndipo malo amdima, amene wojambula anawavutikira kwambiri, amasanduka timabokosi. Linkiyo muitsegule kaye pa foni ya mnzanu, kuti muone ngati ikutseguka popanda kufunsa chilolezo komanso ngati zilembo zikuwerengeka pa sikirini yaing'ono.