Mimba yaikulu si kunenepa

Masiku ano malonda ena a ziweto amayambira pafoni. Wina akutumizirani chithunzi cha mbuzi pa WhatsApp, mimba ili yaikulu, n'kunena kuti ndi yonenepa. Musafulumire. Mimba imakula ndi udzu umene yadya m'mawa, ndi bere, kapenanso ndi njoka za m'mimba. Thanzi la chiweto limaonekera pa mafupa.

Alangizi a ziweto amayeza kunenepa ndi manambala, kuyambira 1 mpaka 5. Pa 1 chiweto chatsala mafupa okhaokha, pa 5 chanenepa mopyola muyeso, ndipo chabwino chimakhala cha m'ma 3.

Kuti muyeze ng'ombe, pemphani zithunzi ziwiri zojambulidwa masana itaimirira pamalo osalala: china cha m'mbali, china cha kumbuyo. Cha m'mbali chikuonetseni nthiti ndi msana. Ngati nthiti zonse zikuwerengeka ndipo msana watuluka ngati mpeni, ng'ombeyo ili pa 2 kapena kutsika apo. Cha kumbuyo chikuonetseni mafupa a m'chiuno ndi patsinde pa mchira. Mafupa akasongoka, patsinde pa mchira n'kuchita dzenje mbali zonse ziwiri, mafuta atha. Linunda lofota nalonso limanena zomwezo.

Mbuzi ndiyo imanamiza kwambiri, chifukwa mafuta ake ambiri imasunga m'kati mwa mimba, ndipo ubweya umabisa nthiti. Apa chithunzi sichikwanira, pamafunika dzanja. Gwirani pamsana, kuseri kwa nthiti yomaliza. Zala zikamalowa mosavuta pansi pa timafupa totulukira m'mbali, mbuziyo ndi yowonda, mimba ikule bwanji.

Tiyerekeze mbuzi ya pachithunzi ija yapezeka pa 2. Funso loyamba ndi lakuti: zinzake zili bwanji? Mu Okutobala ndi Novembala, msipu ukauma, khola lonse limatsika thupi, ndipo mankhwala ake ndi chakudya, monga madeya ndi masangwe a mtedza. Koma ikawonda yokha zinzake zili bwino, makamaka nthawi ya dzinja, tsitsani chikope cha m'munsi ndi chala. M'kati mukhale mofiira. Mukakhala motuwa, pansi pa chibwano n'kutupa ngati muli madzi, kawirikawiri ndi njoka zoyamwa magazi. Itanani a vetenale tsiku lomwelo, akupatseni mlingo wa mankhwala wogwirizana ndi kulemera kwake.

Palinso zina zosadikira kuti kuche. Chiweto chagona osadzuka, chasiya kudya ndi kubzikula, kapena mimba yafufuma kumanzere ngati ng'oma chikupuma movutika. Ng'ombe ikatupa anabere pansi pa khutu ndi kutsogolo kwa phewa, thupi n'kutentha kufika madigiri 40, ganizirani matenda obwera ndi nkhupakupa. Ikamatuluka dovu, ili ndi zilonda m'kamwa ndi kumapazi, musaisunthe pakhomo, dziwitsani alangizi.

Potumiza zithunzi kwa a vetenale, onjezani cha chikope ndi cha ndowe, ndipo nenani tsiku limene chiweto chinasiya kudya.