Bokosi likakula kawiri mbali zonse, m'kati mwake mumakula ka 8

Funsani kalasi yonse ya Fomu 3 funso ili: pali thanki ya madzi yomwe mulitali mwake ndi mita imodzi, mulifupi mwake mita imodzi, msinkhu wakenso mita imodzi, ndipo imalowa malita 1,000. Mmisiri akamanga ina ya mamita awiri mbali zonse, ilowa madzi ochuluka bwanji? Ambiri adzayankha msangamsanga kuti malita 2,000. Ena, ataganizako pang'ono, adzati 6,000. Yankho lenileni ndi malita 8,000, ndipo munthu akaona chifukwa chake ndi maso ake, saiwalanso.

Kuti muone nokha, pezani mabokosi a machesi ofanana. Ikani limodzi pa tebulo. Cholinga ndi kumanga bokosi lalikulu looneka ngati lomweli, koma lokula kawiri mbali iliyonse. Yambani ndi mulitali: lumikizani bokosi lachiwiri kumapeto kwa loyamba. Mabokosi ndi awiri tsopano, koma chomwe mwamangacho ndi chachitali ndi chowonda, sichikufanana ndi choyamba chija. Chikufunika kukulanso mulifupi. Apa ndiye pagona nkhani. Simungaike bokosi limodzi lokha pambali, chifukwa mzere wanu uli kale ndi mabokosi awiri, ndipo lililonse likufuna linzake pambali pake. Mukatero akwana anayi. Chatsala ndi msinkhu. Anayi onsewo akufunika anzawo pamwamba, ndiye musanjikiza ena anayi. Werengani: akwana 8.

Taonani kuti pa sitepe iliyonse simunawirikize bokosi loyamba lija ayi. Mwakhala mukuwirikiza chonse chomwe chinalipo kale pa tebulo. Limodzi linakhala awiri, awiri anakhala anayi, anayi anakhala 8. N'chifukwa chake yankho la 6 ndi lolakwika. Wopeza 6 amakhala ataphatikiza 2 + 2 + 2, kapena atawerenga 2³ ngati 2 × 3, pomwe 2³ ndi 2 × 2 × 2. Kulakwitsa kumeneku n'kofala, ndipo kumadyetsa malikisi a bule pa mayeso.

Tiyese ndi manambala pa bokosi lomwe mbali zake n'zosiyana, kuti wina asaganize kuti lamuloli limagwira pa bokosi lofanana mbali zonse lokha. Tengani katoni ya masentimita 30 mulitali, 20 mulifupi ndi 10 msinkhu. Voliyumu, kapena kuti kukula kwa malo a m'kati, timaipeza pochulukitsa mbali zitatuzi: 30 × 20 × 10 = 6,000 cm³. Popeza 1,000 cm³ ndi lita imodzi, katoniyi ndi ya malita 6. Wirikizani mulitali mokha kufika pa 60, mupeza malita 12. Wirikizaninso mulifupi kufika pa 40, akwana malita 24. Malizani ndi msinkhu wa 20: 60 × 40 × 20 = 48,000 cm³, omwe ndi malita 48. Mukagawa 48 ndi 6 mupeza 8.

M'zilembo za masamu nkhaniyi ndi yaifupi. Bokosi loyamba ndi V = l × w × h. Lachiwiri ndi 2l × 2w × 2h. Pochulukitsa, manambala mutha kuwasuntha mmene mungafunire osasintha yankho, choncho ma 2 atatuwo asonkhanitseni pamodzi: (2 × 2 × 2) × (l × w × h) = 8V. Zilibe kanthu kuti l, w ndi h ndi manambala anji. 8 uja akuchokera kwa ma 2 atatu, mmodzi pa mbali iliyonse. Mukachulukitsa mbali zonse ndi nambala ina iliyonse k, voliyumu imachulukitsidwa ndi k³. Katatu kamabereka 27. Kakhumi kamabereka 1,000. Mukadula mbali zonse ndi theka, m'kati mumatsala gawo limodzi mwa magawo 8.

Tibwerere ku thanki ija, chifukwa ili ndi phunziro lina lomwe ophunzira ambiri amalisokoneza ndi loyambali. Thanki ya mita imodzi ili ndi nkhope 6, iliyonse ya 1 m², zonse pamodzi 6 m². Ya mamita awiri ili ndi nkhope 6 zomwezo, koma iliyonse ndi 2 × 2 = 4 m², zonse pamodzi 24 m². Kunja kwakula kanayi kokha pomwe m'kati mwakula ka 8. Chifukwa chake n'chakuti nkhope ili ndi mbali ziwiri basi, ndiye ma 2 ake ndi awiri. Wogula penti yopaka thanki yaikuluyo agula yochuluka kanayi, koma otunga madzi oidzaza, omwe poyamba ankathira ndowa 50 za malita 20, tsopano athira ndowa 400.

Kusiyana kumeneku kuli ndi ngozi yake. Lita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Thanki yaing'ono imatsamiza makilogalamu 1,000 pa 1 m². Yaikulu imatsamiza makilogalamu 8,000 pa 4 m², kutanthauza makilogalamu 2,000 pa 1 m² iliyonse. Pansi pa thanki pakusenza katundu wowirikiza kawiri pa malo ofanana. Mmisiri womanga thanki yaikulu pa maziko ofooka ngati a yaing'ono asadabwe ikayamba kung'aluka. Katswiri wa ku Italy, Galileo Galilei, anafotokoza mfundo yomweyi m'buku lake la mu 1638, posonyeza kuti nyama yaikulu imafuna mafupa onenepa kwambiri poyerekeza ndi thupi lake kuposa nyama yaing'ono.

Lamulo la 8 lili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwerenga funso mosamala musanaligwiritse ntchito. Limagwira pokhapokha mbali zonse zitatu zawirikizidwa. Zikakhala ziwiri, yankho ndi kanayi. Ikakhala imodzi, ndi kawiri. Komanso kuwirikiza kawiri n'kosiyana ndi kuwonjezera 2. Mukawonjezera masentimita awiri pa mbali iliyonse ya katoni ija, mupeza 32 × 22 × 12 = 8,448 cm³, yomwe siinafike n'komwe pa kawiri ka 6,000. Ndipo ngati mukuwerengera madzi olowa m'thanki ya njerwa, yezani m'kati, osati kunja, popeza makoma amadya malo.

Nanga munthu wofuna thanki yolowa madzi owirikiza kawiri kokha, malita 2,000, yofanana mbali zonse, aimange yaikulu bwanji? Akufunika nambala yomwe ikachulukitsidwa yokha katatu ipereke 2. Nambalayo ndi ∛2, pafupifupi 1.26. Yesani pa kakyuleta: 1.26 × 1.26 × 1.26 ikupatsani 2 ndi kachidutswa kochepa kwambiri. Ndiye kuti kuwonjezera masentimita 26 okha pa mbali iliyonse ya thanki ya mita imodzi kukukwanira kuwirikiza madzi ake. Agiriki akale anavutika zaka zambirimbiri kufuna kujambula utali umenewu pogwiritsa ntchito kampasi ndi rula yopanda manambala basi, mpaka mu 1837 pomwe Pierre Wantzel wa ku France anatsimikiza kuti ndi zida ziwirizo n'zosatheka.

Mukakumana ndi funso la zinthu ziwiri zofanana maonekedwe koma zosiyana kukula, yambani mwapeza k pogawa mbali ya chachikulu ndi mbali yomweyo ya chaching'ono. Kenako onani chomwe afunsa. Ngati yankho likufunika mu cm² kapena m², chulukitsani ndi k². Ngati likufunika mu cm³, m³ kapena malita, chulukitsani ndi k³.