Tsamba la shopu likatsekedwa pa mlandu wa chinyengo: kalata ya apilo ndi pamene zinthu zimaima

Amalonda ang'onoang'ono a kwa Kaphuka, ngakhalenso a m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 monga Linthipe ndi Chimbiya, ayamba kudalira tsamba la Facebook potsatsa zitenje, nsapato, nyemba ndi mbatata ya kachewere kwa ogula a ku Lilongwe ndi pa Dedza boma. Tsambalo likatsekedwa pa mlandu wa chinyengo umene mwini wake sanapalamule, ambiri amaberedwa kawiri. Poyamba malonda amaima, kenaka amalipira mnyamata wina wodzitcha katswiri amene amalonjeza kulitsegula, ndalama n'kupita, tsamba osatseguka. Apilo ndi yaulere, ndipo woyenera kuichita ndi mwini akaunti yekha.

Kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, imati imatseka masamba pofuna kuteteza anthu kwa akuba, motsatira malamulo ake otchedwa Community Standards. Palibe angatsutse cholinga chimenechi m'dziko limene aliyense wa foni analandirapo uthenga woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Vuto n'lakuti gawo lalikulu la ntchito yosefayi limagwiridwa ndi makina, ndipo makinawo sadziwa kuti kuno kupempha dipoziti pa Airtel Money kapena pa Mpamba katundu asanakwere minibasi ndi malonda wamba. Kulakwitsa kotereku kumachitika ngakhale kunja. M'chaka cha 2025 anthu ambirimbiri m'mayiko osiyanasiyana anadandaula kuti akaunti zawo zatsekedwa popanda chifukwa, ndipo Meta inavomera kuti panali vuto la makina limene linatseketsa magulu ena a pa Facebook.

Musanalembe kalikonse, tsimikizani kuti tsamba latsekedwadi. Akuba amatumiza uthenga pa Messenger wokhala ndi chizindikiro cha Meta, wonena kuti tsamba lanu litsekedwa pa maola 24 mukapanda kudina linki ndi kulemba pasiwedi. Wodinayo ndiye amataya tsamba lomwe linali bwinobwino. Chidziwitso chenicheni chimapezeka m'kati mwa Facebook momwemo, pa Support Inbox kapena pa Account Status, ndipo sichikupemphani pasiwedi kudzera mu uthenga.

Chachiwiri, dziwani chimene chatsekedwa, chifukwa khomo la apilo limasiyana. Mwina ndi tsamba la shopu lokha limene labisidwa, inu mukutha kulowa m'akaunti yanu. Apa chifukwa chake chimaoneka pa Page Status, ndipo pamakhala batani la Request review kapena Disagree with decision. Mwina ndi akaunti yanu yeniyeni imene yaimitsidwa, ndipo ngati munali woyang'anira tsambalo nokha, nalonso simungalifikire. Mukamayesa kulowa, foni imakuuzani masiku amene atsala kuti muchite apilo, omwe masiku ano amakhala 180. Akatha osachitapo kanthu, akauntiyo imatsekedwa mpaka kalekale. Mwinanso chaletsedwa ndi kutsatsa kolipira kokha, ndipo zimenezo zimaonedwa pa Business Support Home.

Tiyerekeze mayi wa shopu ya zitenje pa Linthipe. Tsamba anamutsegulira ndi mphwake, pa foni ya mphwakeyo ndi nambala yake yomwe. Akaunti yoyang'anira tsambalo anaipatsa dzina la shopu m'malo mwa dzina la munthu, tsiku lobadwa n'kungolemba lililonse. Malonda akuyenda, wakuba wina akukopera zithunzi zonse, n'kutsegula tsamba lina la dzina lomwelo, kungosintha chilembo chimodzi ndi nambala yolandirira ndalama. Anthu atatu akutumiza dipoziti ya K15,000 aliyense, zitenje osafika. Pokwiya akufufuza dzina la shopu, akupeza tsamba la mayiyo, n'kulinenera kuti ndi la akuba. Pakutha pa sabata akaunti yaimitsidwa, tsamba la wakuba likadali poyera.

Mayiyu ali ndi chilungamo chonse, koma apilo yake ikaima pa chitupa, osati pa mlandu wa chinyengowo. Asanamve mbali yake, Facebook imafuna kutsimikiza kuti wodandaulayo ndi mwini akaunti. Imatumiza nambala yachinsinsi ku foni kapena imelo imene inalembetsedwa, ndipo nambalayo ikupita kwa mphwake amene mwina ali ku Joni, kapena ku simu khadi imene inatayika kale. Kenaka imapempha chithunzi cha chitupa, nthawi zina kanema wamfupi wa nkhope mukutembenuza mutu. Dzina ndi tsiku lobadwa za pa chitupa cha unzika cha NRB ziyenera kugwirizana ndi za pa akaunti. Chitupa cha mayiyu chili ndi dzina la munthu, akaunti ili ndi dzina la shopu. Kwa wowunika, zimenezi zikuoneka ngati akaunti yabodza, ndipo yankho limabwera lokana popanda kufotokoza kuti chalakwika n'chiyani.

Choncho musathamangire kudina batani la apilo muli ndi mtima wapachala. Kawirikawiri mwayi umakhala umodzi, ndipo ukakanidwa batanilo silibweranso. Masiku 180 ndi okwanira kukonzeka. Yambani mwapeza simu khadi ija, kapena pitani ndi chitupa ku shopu ya kampani ya foniyo mukaibwezeretse ngati inalembetsedwa m'dzina lanu. Ngati akaunti ili m'dzina la mphwanu, chitupa chofunika ndi chake, osati chanu, ndipo nkhope ya pa kanema ikhalenso yake. Ngati ili m'dzina la shopu, musayese kubisa. Tumizani chitupa chanu chenicheni, ndipo pamene pali mpata wolemba fotokozani kuti dzinalo ndi la bizinesi yanu. Kusintha chitupa pa kompyuta kuti chifanane ndi akaunti ndi mlandu weniweni, woposa umene akukunamiziraniwu.

Chithunzi cha chitupa chokha chimagwetsa anthu ambiri. Chiikeni pa tebulo kapena pa nsalu yakuda yosalala, panja pamthunzi masana, osati m'shopu pansi pa babu la sola limene limanyezimira pa pulasitiki n'kubisa zilembo. Ngodya zonse zinayi zioneke, chala chisaphimbe dzina. Jambulani chitupa chenicheni, osati fotokope, ndiponso musatumize chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp chifukwa chimafika chitazilala. Potumiza gwiritsani ntchito foni imene mumalowera masiku onse, muli pamalo a netiweki yolimba. Kulowa pa foni zosiyanasiyana za anzanu kumangowonjezera chikayikiro. Apilo ndi yaulere ndithu, koma bandulo, ulendo wa kabaza wopita kumene netiweki imagwira, ndi tsiku lotseka shopu, zonsezi mumalipira ndinu, wosalakwa.

Tsopano kalata yeniyeniyo. Ambiri amalemba masamba awiri, kutchula ana a sukulu, ngongole ya ku banki m'khonde ndi Mulungu amene akuona. Mawuwo ndi oona, koma kabokosi kolembamo n'kakang'ono, nthawi zina sipakhala n'komwe, ndipo wowerenga, ngati alipo, safuna chisoni koma mfundo zimene angazitsimikize. Mayi wa pa Linthipe uja angalembe motere:

"Ndine mwini wa tsambali ndipo ndili ndi shopu ya zitenje pa Linthipe, m'boma la Dedza, ku Malawi. Akaunti yanga inaimitsidwa pa tsiku lakutilakuti pa mlandu wa chinyengo. Ndikukhulupirira kuti uku n'kulakwitsa. Pali tsamba lina limene linakopera dzina ndi zithunzi zanga ndipo likulandira ndalama pa nambala imene si yanga. Linki yake ndi iyi. Amene anaberedwa ananenera tsamba langa molakwika. Akaunti yoyang'anira ili ndi dzina la shopu, ndipo ndine wokonzeka kulisintha kuti likhale la pa chitupa changa. Ndaphatikiza chitupa, laisensi ya khonsolo ndi malisiti. Ndikupempha kuti munthu aunikenso nkhaniyi."

Kalatayi ndi bwino ipite m'Chingerezi chosavuta. Pemphani mphunzitsi kapena m'bale amene mumamukhulupirira akumasulireni pa pepala, koma polemba m'foni mulembe nokha, pasiwedi osapatsa munthu. Onani kuti kalatayi ikutchula tsiku, ikulongosola chimene chinayambitsa chikayikiro, ndipo ikuvomera pamene pali cholakwika chenicheni. Pamene pali mpata wophatikiza mapepala, olemera ndi amene ali ndi dzina la shopu pamodzi ndi lanu: laisensi ya khonsolo ya Dedza, satifiketi yolembetsera bizinesi, pepala la TPIN la ku MRA, ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba ogwirizana ndi malisiti a katundu amene anafikadi. Kalata ya a mfumu ndi yamphamvu ku khonsolo ndi ku banki, koma wowunika wa kunja alibe njira yoitsimikizira.

Mukatumiza, jambulani zimene zalembedwa pa foni pamodzi ndi nambala ya nkhaniyo ngati yaperekedwa. A Facebook amati kawirikawiri amayankha pakangotha tsiku limodzi kapena kuposerapo pang'ono, koma ena amadikira masabata. M'nyengo yodikirayi musatsegule akaunti ina ya dzina ndi zithunzi zomwezo pa foni yomweyo, chifukwa amaiona ngati kuzemba chilango, ndipo nayonso ikhoza kutsekedwa. Ngati pa foni paoneka mwayi wa Download your information, tsitsani zithunzi ndi mauthenga anu nthawi yomweyo. Pemphaninso makasitomala okhulupirika anenere tsamba labodza lija kuti likudzionetsa ngati lanu. Ngati mwaona kuti wina analowa m'akaunti yanu n'kuikamo zotsatsa zimene simukuzidziwa, khomo lake ndi facebook.com/hacked, osati apilo wamba.

Nanga akakana? Apa ndi pamene dongosololi limaonetsa kuperewera kwake. Meta ilibe ofesi ku Malawi imene munthu angagogode, ndipo bungwe la Oversight Board limene linayamba ntchito mu 2020 limasankha nkhani zochepa kwambiri, makamaka zokhudza zolemba ndi zithunzi zimene zachotsedwa kapena kusiyidwa. MACRA ndi apolisi sangakutsegulireni tsamba. Komabe kuba ndalama m'dzina la shopu yanu ndi mlandu, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo cha pa intaneti. Kanenani ku polisi, mutenge nambala ya wakubayo, ndipo muidziwitsenso kampani ya foni kuti ione zoitseka. Lipoti la polisi limakutetezani pamene oberedwa aja abwera pa shopu kudzafuna ndalama zawo.

Amene tsamba lanu likugwirabe ntchito, konzani lero zinthu zimene zimaimitsa apilo. Akaunti yoyang'anira ikhale ndi dzina ndi tsiku lobadwa za pa chitupa chanu, nambala ikhale ya simu imene ili m'manja mwanu, ndipo muike munthu wachiwiri wokhulupirika ngati woyang'anira kuti akaunti imodzi ikaimitsidwa tsamba lisasowe mwini. Zithunzi muzijambula nokha m'shopu mwanu, chikwangwani chikuoneka. Manambala a makasitomala muwalembe m'kope la shopu, kuti tsiku limene tsamba latsekedwa muthe kuwauza nokha nambala yoona yolipirira wakuba asanawapeze.