Foni ndi Seva Zimamvana Bwanji?

Mukaitanitsa katundu pa apu, foni yanu imatumiza pempho kwa seva, kompyuta imene imasunga zonse. Njira yofala yokonzera kukambirana kumeneku ndi REST, imene Roy Fielding anaifotokoza mu 2000.

Chinthu chilichonse chimapatsidwa adiresi, ndipo adiresiyo imangotchula dzina la chinthucho. Chochita chimanenedwa ndi liwu lakutsogolo:

```
POST /v1/orders
GET /v1/orders/58
```

Mzere woyamba ukulembetsa oda yatsopano, wachiwiri ukufunsa za oda nambala 58. Seva imayankha ndi nambala: 201 ikalemba odayo, 404 ikaisowa, 500 vuto likakhala la seva yomweyo. Chimene chimandiwawa ndi seva yoyankha 200 zinthu zitakanika. Apu imauza wogula kuti zatheka, iye n'kumadikirira katundu amene sadzafika.

Nanga `v1`? Anthu ambiri amakhalabe ndi apu yakale, ena chifukwa chosowa bandulo. Mukasintha dzina `price` kukhala `amount`, apu yakaleyo siupezanso mtengo, mwina imangotsekeka. Kuwonjezera zatsopano nthawi zambiri sikusokoneza kanthu, koma kusintha kapena kuchotsa kumafuna `v2`, ndipo `v1` izigwirabe ntchito mpaka oigwiritsa atachepa.