Nthambi imodzi ya mango, mapanelo khumi

Pa denga pali mapanelo a sola khumi, koma pofika 3 koloko masana magetsi amatsika pomwe dzuwa likuswabe mtengo. Kawirikawiri gwero lake ndi kamthunzi ka nthambi ya mango kapena ka mlongoti, komwe kagwera pangodya ya panelo imodzi yokha.

Mapanelo amalumikizidwa mondondozana, ndipo maselo, timabwalo ta m'kati mwa panelo iliyonse, nawonso amatero. Magetsi amayenda njira imodzi ngati madzi m'paipi: ukaitsina pamalo amodzi, madzi amachepa paipi yonse. Tinene kuti panelo iliyonse ili ndi maselo 60 ndipo imapereka mavoluti 30 ndi maampu 10, omwe ndi mawati 300. Onse khumi amapereka mawati 3,000. Selo imodzi ikamalandira theka la kuwala, imangotha maampu 5. Popanda chitetezo, mzere wonse ungatsikire komweko, ndipo selo yophimbikayo imayamba kudya mphamvu za zinzake n'kutentha mpaka kupsereza panelo.

N'chifukwa chake m'kabokosi ka kuseri kwa panelo mumakhala madayodi olambalalitsa, nthawi zambiri atatu, iliyonse yoyang'anira maselo 20. Dayodi imalola magetsi kudutsa cholowera kumodzi kokha. Selo ikaphimbika, dayodi ya gulu lake imatseguka ndipo maampu 10 aja amalambalala gululo. Chotayika ndi mavoluti pafupifupi 10 okha, ndiye kuti mzere umaperekabe mawati pafupifupi 2,900.

Koma dayodi sisankha. Imataya gulu lonse, ngakhale maselo 19 ali padzuwa. Ndipo mthunzi ukadutsa chopingasa m'munsi mwa panelo yoimika chotalika, umakhudza magulu onse atatu, panelo yonse n'kusiya kupereka kanthu.

Apa ndi pomwe oputimaiza amathandiza. Ndi kabokosi komangirira kuseri kwa panelo iliyonse, kamene kamasintha mavoluti ndi maampu a paneloyo kuti agwirizane ndi mzere. Panelo yonse ikakhala mu mthunzi wopepuka n'kumapereka maampu 5 pa mavoluti 30, madayodi angailambalale yonse. Oputimaiza amasandutsa mphamvuyo kukhala maampu 10 pa mavoluti 15, choncho mawati pafupifupi 150 amapulumuka ndipo mapanelo asanu ndi anayi enawo sabwezedwa m'mbuyo. Komabe sangabweze kuwala kotsekedwa, ndipo pa denga lopanda mthunzi phindu lake ndi lochepa.

Vuto la mthunzi limadziwika ndi nthawi yake: magetsi amatsika ola lomwelomwelo tsiku lililonse. Koma mmisiri akapeza kuti mavoluti a panelo achepa ndi gawo limodzi mwa atatu padzuwa loyera, mwina dayodi inapsa n'kumangodutsitsa magetsi nthawi zonse. Choncho musanagule chipangizo china, yang'anani denga m'mawa, masana ndi madzulo. Mthunzi ukakhala wa nthambi, isadzeni. Ukakhala wa khoma la mnansi, oputimaiza ndiye woyenera ndalama zanu.