Intavyu ya pa kanema: netiweki ikavuta, pulumutsani mawu

Mabungwe ambiri amene amatenga achinyamata kuti akaphunzire ntchito, ija timati intanishipu, masiku ano amafunsa mafunso kudzera pa Zoom, Google Meet kapena Teams. Amene akukufunsaniwo akhoza kupirira chithunzi chosaoneka bwino, koma yankho lodukaduka sangalipatse malikisi. N'chifukwa chake kukonzekera kuyambire pa mawu.

Tiyerekeze kuti mwaitanidwa Lachiwiri 10 koloko m'mawa, mphindi 30 pa Zoom. Lolemba, nthawi yomweyo, khalani pamalo pomwe mudzakhalepo ndipo tsekulani fast.com. Dinani "Show more info" kuti muone nambala ya "Upload", pakuti imeneyo ndiyo imanyamula nkhope ndi mawu anu kupita kwa iwo. Kanema wamba wa anthu awiri pa Zoom amafuna pafupifupi 600 kbps, pomwe mawu okha safika ndi 100 kbps komwe. Nambala ikakhala yotsika, sunthirani pafupi ndi zenera kapena yesani layini ina, kaya ndi ya Airtel kapena TNM. Mphindi 30 zimadya pafupifupi 300 MB, choncho gulani bandulo ya 1 GB yogwira paliponse. Ya WhatsApp yokha siitsekula Zoom.

Tsikulo, zizindikiro za vuto n'zosabisika: nkhope za anthu zimauma, mawu amamveka ngati akuchokera m'chitini, kenako pamabwera uthenga woti "Your internet connection is unstable". Musadikire kuti foni iduke. Nenani modekha kuti, "Pepani, netiweki kuno yafooka, ndilole ndizimitse kamera kuti muzindimva bwino," ndipo dinani "Stop Video". Data yonse yotuluka imatsalira mawu anu. Ine ndimaona kuti munthu wotere amaonetsa kukhwima maganizo kuposa amene akungoyankhulabe osadziwa kuti sakumveka. Ndi bwinonso kuwatumiziratu nambala yanu ya foni kuti zikakanikiratu akuimbireni.

Mahedifoni a waya, ngakhale otchipa a pamsika, amathandiza kwambiri chifukwa maikolofoni yake imakhala pafupi ndi pakamwa. Chipinda chopanda katundu chimabweza mawu, choncho sankhani chokhala ndi makatani, bedi kapena mipando. Ngati nyumba ili ya malata opanda siling'i, kumbukirani kuti mvula ikagwa simudzamveka. Apempheni a pakhomo azimitse wailesi, ndipo auzeni achibale asakuimbireni nthawi imeneyo, chifukwa pa mafoni ambiri kuimba kumadula intaneti.

Za kuwala n'zosavuta. Zenera likhale kutsogolo kwanu; likakhala kumbuyo, kamera imatsata kuwalako ndipo nkhope yanu imada bii. Foni muitsamiritse pa mulu wa mabuku mpaka kamera ilingane ndi maso, osaigwira m'manja. Itchajeni usiku wake chifukwa magetsi akhoza kuzima m'mawa, ndipo musanagone lowani pa zoom.us/test kuti mudzione ndi kudzimva nokha.